Tofu ndi nyemba kodi? Nanga angalowe m'malo mwa matemba?

Abale a ku Blantyre ndi ku Lilongwe mwakhala mukundifunsa za tofu chiyambireni kuona zithunzi za soya wanga. Ena kuno kwa Jali akumva ngati ndikunena thovu la mowa. Ayi anzanga, ichi ndi chakudya, ndipo chinachokera ku China kalekale.

Tofu amapangidwa ndi soya yemweyu, Tikolore kapena Makwacha amene timagulitsa kwa mavenda. Soya ndi wa mtundu wa nyemba, koma si nyemba zathu zophikira ndiwo zija. Nyemba, nandolo ndi khobwe zili ndi sitachi wambiri, n'chifukwa chake mukazisinja n'kuphika mumapeza chipere. Soya ali ndi mafuta komanso mapuloteni ochuluka, pafupifupi magalamu 36 pa magalamu 100 a soya wouma, pamene nyemba zili ndi pafupifupi 22. Mukamusinja ndi madzi amatulutsa mkaka, ndipo mkakawo ukathiridwa chowawasa umagwirana ngati chambiko. Tofu ndi zogwiranazo zitafinyidwa. Asasokonezedwe ndi nyama ya soya ya m'mapaketi ija, imene amapanga kufakitale ndi soya wochotsedwa mafuta.

Ine ndimachita chonchi. Ndimaviika theka la kilogalamu ya soya usiku wonse, m'mawa n'kumutsuka bwino. Kenako kumusinja mu mtondo mpaka asalale ngati phala. Apa ndiye pali ntchito, ndipo mayi a kunyumba amanena poyera kuti munsi si wa akazi okha. Phalalo ndimalisungunula m'malita anayi a madzi, n'kusefa ndi nsalu yoyera, kufinya mpaka dontho lomaliza. Zotsala m'nsalu musataye: zimalowa m'zitumbuwa, kapena muphikire nkhuku.

Mkakawo uyenera kuwira ndithu kwa mphindi 15 kapena 20, mukutakasa kuti usapserere kapena kusefukira. Musachite changu pamenepa, chifukwa soya wosapsa ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa m'mimba kugaya mapuloteni, ndipo mwana akamwa amatupidwa. Mukaphula, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako thirani madzi a mandimu anayi kapena asanu pang'onopang'ono, mukutakasa mofatsa. Vundikirani kwa mphindi khumi.

Mukavundukula, madzi ndi amene adzakuuzeni. Akakhala achikasu, oonekera mpaka pansi, ndiye kuti zatheka. Akakhala oyera ngati mkaka, mandimu achepa kapena mkaka unazizira, choncho tenthetsani pang'ono n'kuwonjezera. Koma mandimu akachuluka, tofu amawawasa ndipo amanyenyeka ngati mgaiwa. Zogwiranazo muziike m'nsalu pa lichero, musanjike mbale ndi mwala pamwamba kwa theka la ola. Kwa ine theka la kilogalamu limatulutsa chibuma chokwana banja lonse chakudya chamadzulo. Kuno kulibe filiji, ndiye ndimamudula n'kukazinga tsiku lomwelo, kenako tomato ndi anyezi. Payekha alibe kukoma kwenikweni, amatengera zimene mwamuphikira.

Tsopano za mapuloteni okwanira. Mapuloteni ali ngati khoma, njerwa zake ndi ma amino asidi. Mwa njerwazi, mitundu 9 thupi silingaumbe lokha, iyenera kuchokera m'chakudya. Nsomba, mazira ndi nyama zili ndi yonse 9 pa mlingo wabwino. Soya nayenso ali nayo yonse, mokwanira kuti akatswiri a zakudya amuwerengere m'gulu lomwelo, ngakhale mtundu umodzi wotchedwa methionini ndi wocheperako pang'ono. Chimanga ndiye chimaperewera laisini ndi tiriputofani, koma methionini chili nayo. Ndiye nsima ndi tofu zimathandizana m'mbale imodzi, monga mmene chimanga ndi soya zimachitira mu Likuni Phala ya ana.

Koma tisanamizane. Tofu ndi madzi kwambiri: pa magalamu 100 mumapeza mapuloteni magalamu 8 mpaka 15, kutengera mmene mwamufinyira. Kachidutswa kongonunkhiza sikangamange thupi la munthu wolima mpunga m'dambo. Komanso matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo mmenemo muli kashiamu wolimbitsa mafupa, pamene tofu wa mandimu ali ndi wochepa. Vitamini B12 wa m'nsomba mu tofu mulibe.

Chimene ndalimbikira nkhaniyi ndi nyanja yathu. Chilwa inauma mu 1995, inaphwanso mu 2018, ndipo tonse tikukumbukira mabwato atakhala pamatope ku Kachulu, matemba akusowa pamsika. Ngakhale chaka chabwino, nyanja ikatsekedwa m'dzinja ndiwo zimavuta, ana akudya nsima ndi masamba okhaokha. Nthawi imeneyo soya tinamugulitsa kalekale pa mtengo wolira. Chaka chino ine ndasunga thumba limodzi pakona. Loweruka m'mawa ndidzakhala ndikusinja, ofuna kuona bwerani ndi mandimu anu.