Ngongole imene tinaitaya ikabwera yokha

Pa ntchito yosunga mabuku a ndalama ndaphunzira kuti tsiku lofufuta ngongole silivuta kwenikweni. Lovuta ndi tsiku limene munthu amene munamutaya uja watulukira ndi ndalama m'manja. Chimwemwe chimachititsa anthu kulemba mwaphuma, ndipo m'pamene buku limayamba kunama.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa simenti ndi malata. M'mwezi wa Malichi mmisiri womanga nyumba watenga katundu wa K1,200,000 pa ngongole. Wapereka K400,000, kenako zii. Foni sakuyankha, makalata awiri omukumbutsa apita pachabe, ndipo pamene ankamanga paja ntchito inaima. Pofika Disembala, potseka mabuku a chaka, mwini sitolo akuvomera kuti K800,000 yotsalayo sidzabwera. Kuisiya pa mndandanda wa anthu angongole n'kudzinamiza kuti sitolo ili ndi chuma chimene ilibe. Choncho timalemba K800,000 ku debiti ya akaunti ya ngongole zosabwezedwa, ndi K800,000 yomweyo ku kirediti ya akaunti ya mmisiriyo. Akaunti yake yafika pa ziro, ndipo phindu la chaka chimenecho latsika ndi K800,000.

Phunziro loyamba lili pomwepa: kufufuta ngongole m'buku si kukhululuka. Akuluakulu anati mlandu suola. Mmisiri uja akadali ndi ngongole. Chimene chasintha ndi chiyembekezo cha sitolo basi. N'chifukwa chake invoyisi, makalata aja ndi chikalata chimene mwini sitolo anasaina povomereza kufufutako siziyenera kutayidwa. Pamene palibe chikalata chotere, wantchito wosakhulupirika angathe kufufuta ngongole mwakachetechete, n'kukalandira yekha ndalamazo kuseri.

Tsopano mu Ogasiti chaka chotsatira, ku banki kwalowa K500,000 yochokera kwa mmisiri uja. Kalaliki wothamanga amalakwa m'njira ziwiri. Ina ndiyo kuilemba ngati malonda a tsikulo. Koma palibe thumba la simenti limene latuluka. Katunduyo anawerengedwa kale ngati malonda mu Malichi muja. Mukatero malonda amodzi mwawalemba kawiri, ndipo mudzazindikira powerenga katundu, chifukwa malonda akwera koma m'nyumba yosungiramo simunachepe kanthu. Njira ina ndiyo kungoiponya ku kirediti ya akaunti ya mmisiriyo. Popeza akauntiyo inali pa ziro, tsopano ikuonetsa ngati sitolo ndiyo ili ndi ngongole ya K500,000 kwa iye. Mukaona dzina la munthu amene anakuvutitsani litaima mbali yolakwika pa mndandanda wa angongole, kayikirani zimenezi.

Kalembedwe koyenera kali ndi masitepe awiri. Choyamba, dzutsani ngongoleyo: K500,000 ku debiti ya mmisiri, K500,000 ku kirediti ya akaunti ya ngongole zofufutidwa zimene zabwezedwa. Chachiwiri, landirani ndalama monga mwa masiku onse: debiti ku banki, kirediti kwa mmisiri. Akaunti yake yabwerera pa ziro, banki yakwera, ndipo K500,000 ikuoneka payokha ngati phindu la chaka chino, osati ngati malonda.

Ena amati bwanji osangolumpha, kulemba debiti ku banki ndi kirediti ku akaunti ya zobwezedwayo? Masamu ake amatuluka chimodzimodzi, n'zoona. Koma tsamba la mmisiri limatsala likunena kuti munthuyu anathawa ndi K800,000 osabweza kalikonse. Tsiku limene adzabwerenso kudzapempha malata pa ngongole, woweruza pempho lake adzatsegula tsamba lomwelo. Ayenera kupeza mbiri yonse: anachedwa miyezi yambiri, koma anabwera yekha, palibe amene anamukoka.

Nanga K300,000 yotsala? Mtima umafuna kudzutsa K800,000 yonse, poti munthu waonetsa nkhope. Ine ndimadzutsa yokhayo imene yalowa. Lonjezo la pakamwa la munthu amene anasowapo kale si chifukwa chokwanira cholembera phindu. Yotsalayo ikhale pa kalata yomukumbutsa mpaka itafika. Mabuku a chaka chatha nawonso sitiwatsegulanso. Chiganizo cha mu Disembala chinali cholondola malinga ndi zimene zinkadziwika nthawi imeneyo, ndipo zimene zachitika mu Ogasiti ndi nkhani ya chaka chino.

Pali mnzathu wina amene saiwala, ndiye wamsonkho. Ngati K800,000 ija inachotsedwa pa phindu powerengera msonkho wopita ku MRA, K500,000 yabwerayi iyenera kuwerengedwa pa ndalama zokhomeredwa msonkho chaka chino. Akaunti yapadera ija imathandiza pamenepa, chifukwa chiwerengerocho chimapezeka msanga osafufuza m'malonda a chaka chonse.

Choncho ndalama yotere ikalowa, risiti isalembedwe musanatsegule tsamba la munthuyo ndi kupeza tsiku limene ngongole yake inafufutidwa. Tsikulo ndilo limakuuzani kumene ndalamayo iyenera kupita.