Nsapato yatsopano sayendera ulendo wautali

Anzanga, ine ndimagulitsa nsapato pamsika wa Nsanama kuno ku Machinga, ndipo ndatha zaka 7 ndili pa geni imeneyi. Zina ndi za kaunjika, zina ndi zatsopano zomwe ndimakaoda ku Limbe. Mungaganize kuti munthu wotere nsapato singamupusitse. Koma pachidendene changa chakumanja pali chipsera, ndipo nkhani ya lero ndi ya chipsera chimenechi.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija mumalidziwa. Ndinali ndi ulendo wokaoda katundu, ndiye ndinati nanenso ndikaoneke ngati munthu m'tauni. Ndinasolola peyala imodzi pa katundu wanga, yakuda, yachikopa, yotseka kumbuyo, n'kuvala popanda sokosi. Mu minibasi kuchoka pa Liwonde, kudutsa Zomba mpaka kukatsika ku Limbe, sindinamve kalikonse, poti ndinali chikhalire. Nkhondo inayamba nditayamba kulowa sitolo iyi, kutuluka, kulowa ina, chikwama cha katundu chili pamutu. Cha m'ma 10 koloko ndinamva kachidendene kakutentha ngati ndayandikira mbaula. Ndinati zisiya zokha. Pofika masana panali patatuluka thuza, ndipo lisanakwane ola lina linaphulika. Ndinagula patapata n'kumaliza ulendo chilonda chili pamtunda, fumbi likulowa mmene likufunira.

Patatha masiku atatu phazi linatupa, pachilonda panayamba kutuluka mafinya, ndipo mwanabere anatuluka mphechepeche. Ndinapita kuchipatala, anatsuka chilonda n'kundipatsa mankhwala. Sabata yathunthu sindinayale malonda. Inu amene mumadya za tsiku ndi tsiku mukudziwa tanthauzo la sabata yopanda kugulitsa. Ndalama yomwe ndinataya inaposa mtengo wa nsapato ija.

Kale ndinkaganiza kuti thuza limabwera chifukwa nsapato yapala khungu pamwamba, ngati mmene timapalira mamba a nsomba. Si choncho ayi. Thuza limayambira mkati. Yesani izi pompano: dinikizani chala chachikulu kuseri kwa dzanja lanu, ndipo muchiyendetse uku ndi uku osachilola kutsetsereka. Muona kuti khungu likutsatira chala, pomwe fupa lili phee pansi pake. Pachidendene zimachitika zomwezo. Mukaponya phazi, fupa limasuntha, koma khungu limatsalira chifukwa lagwidwa ndi nsapato. Khungu lathu lili ndi magawo osanjikizana ngati anyezi. Likakokedwa uku ndi uku kambirimbiri pamalo amodzi, magawo aja amalekana mkati, pakati n'kutsala mpata. Mu mpata umenewu mumadzaza madzi ochokera m'thupi momwemo, ndipo pakatha ola limodzi kapena awiri mumaona chotupa chija. Kutentha komwe ndinamva 10 koloko kuja kunali khungu likundiuza kuti latsala pang'ono kulekana. Ndikanaima pamenepo, bwenzi ndilibe nkhani yolemba.

Nanga bwanji nsapato yatsopano ndiyo imakonda kutero? Chifukwa imakhala isanaphunzire phazi lanu. Kumbuyo kwake amaikako chinthu cholimba kuti isagwe, ndipo pansi pake pamakhala pasanayambe kupindika. Inu mukanyamula chidendene, nsapato imakana kupindika nanu limodzi, ndiye kumbuyo kuja kumangokoka malo amodzimodzi. N'chifukwa chake za kaunjika siziwotcha kawirikawiri: wina anazifewetsa kale, ngakhale kuti nazonso zimatha kukuvutani poti zinazolowera phazi la mwini wake woyamba.

Ndiye pali thukuta. Ife a geni tikamawerenga ndalama zamapepala timanyowetsa chala pang'ono kuti chizigwira bwino. Khungu lonyowa pang'ono limamata kuposa louma, komanso limafewa. Phazi lopanda sokosi, mu nsapato yotseka, mwezi wa Okutobala, limakhala ngati chala chowerengera ndalama chija. Zonse zitatu ndinazisonkhanitsa tsiku limodzi: nsapato youma, thukuta, ndi mtunda.

Chomwe ndinaphunzira ndinachiyesa pa mwana wanga wamkazi pomwe amayamba Fomu 1. Sukulu yake ndi ulendo wa mphindi 40 wapansi, ndipo amafuna nsapato zakuda zomanga ndi zingwe. Ndikufotokozereni mmene tinachitira, mwina wina zimuthandiza.

Choyamba chinali kuyesa. Ndinamuyesa madzulo, osati m'mawa, chifukwa phazi limafufuma pang'ono likayenda tsiku lonse. Anavala sokosi zomwe azikavala kusukulu, n'kuimirira, mapazi onse awiri ali mu nsapato, poti anthu ambiri phazi limodzi limakulirapo. Ndinadinikiza kutsogolo: pakati pa chala chachitali ndi mapeto a nsapato panatsala malo okwana chala changa chachikulu chopingasa, ngati sentimita imodzi ndi kakang'ono. Kenako anayenda, ine ndikuyang'ana kumbuyo ngati chidendene chikuvuka.

Apa ndiime kaye, ndilankhule ndi makolo anzanga. Mumabwera pabenchi panga n'kunena kuti, "Achemwali, tipatseni yokulirapo, akulira momwemo." Ndimakumvetsani, ndalama ikuvuta. Koma nsapato yaikulu kwambiri imatulutsa matuza ngati yothina yomwe, chifukwa chidendene chimakwera ndi kutsika pa sitepe iliyonse, ndipo zala zimagunda kutsogolo potsika mtunda. Enanso mumatenga yaing'ono poti yakongola, mumvekere, "Itamuka." Chikopa chenicheni chimatamuka pang'ono m'mbali, koma m'litali sichitalika. Za pulasitiki zonyezimira zija ndiye musayembekezere n'komwe. Ngati chala chikugunda kutsogolo tsiku logula, chidzagundabe mpaka nsapatoyo kutha. Ine wogulitsa ndikukuuzani, isiyeni, ngakhale ndiluze kasitomala.

Tinagula kutatsala masiku 10 kuti sukulu itsegulidwe. Tsiku loyamba ndi lachiwiri anavala pakhomo pokha, mphindi 30 m'mawa, akusesa ndi kutsuka mbale. Akavula ndinkayang'ana mapazi pa kuwala: chidendene, kachala kakang'ono, ndi pafupa la chala chachikulu. Malo atatu amenewa ndiwo amayamba. Tsiku lachitatu anavala ola limodzi, ndipo pachidendene chakumanzere panaoneka kamalo kofiira, kotentha ndikakagwira, kosazimirira msanga. Tsiku lachinayi sanavale konse. Kupumitsa khungu ndi mbali ya ntchitoyi, chifukwa si nsapato yokha imene ikuzolowera, khungu nalonso limakhuthala pang'onopang'ono likamakhudzidwa mwa apo ndi apo.

Tsiku limenelo ndinatengera nsapato yakumanzereyo kwa bambo wina wosoka nsapato pamsika pathu. Analowetsa chala, n'kupeza msoko wotumphuka mkati mwa kumbuyo. Anati, "Mayi, mdani wanu ndi uyu." Anaika nsalu pamwamba, n'kumenya msokowo pang'onopang'ono ndi kahamala pa chitsulo chake mpaka unagona, kenako n'kukanda kumbuyo konse ndi manja. Madzulo ine ndinapaka polishi n'kumaipinda nsapatoyo pamalo pomwe zala zimapindikira, osati pakati.

Tsiku lachisanu anavalanso ola limodzi, nditamata pulasitala pamalo pofiira paja, khungu lili louma kuti agwire. Lachisanu ndi chimodzi ndi lachisanu ndi chiwiri anavala maola awiri, n'kuyenda kuchoka kunyumba kubwera kumsika. Ndinamuphunzitsanso kumanga zingwe mpaka kabowo kapamwamba, chifukwa ana amakonda kungolowetsa phazi ngati patapata, chidendene n'kumasewera. Masiku awiri otsatira anavala theka la tsiku, pulasitala titachotsa. Tsiku lomaliza tinayenda limodzi njira ya kusukulu, kupita ndi kubwera. Palibe pomwe panafiira. Sabata yoyamba ya sukulu ankanyamulabe sokosi zina m'chikwama zosintha masana zikanyowa.

Mwaona kuti lamulo lake ndi limodzi: onjezerani nthawi pokhapokha ngati dzulo khungu silinadandaule. Likafiira, bwererani m'mbuyo. Ena nsapato zawo zimafewa m'masiku asanu, zachikopa cholimba zimatha kudya masabata awiri kapena kuposa. Koma ngati mwachita zonsezi ndipo malo omwewo akuwotchabe, vuto ndi saizi kapena kapangidwe, ndipo kupirira sikungathandize.

Ambiri amandifunsa za Vaselini. Amathandiza pa kaulendo kakafupi, koma akatha kulowa, khungu limatsala lofewa ndipo kwathu kuno amakoka mchenga. Pa ulendo wa tsiku lonse ine ndimadalira sokosi ndi pulasitala. Kunyika nsapato m'madzi kapena kuiwamba pamoto, monga amachitira ena, kumasungunula guluu ndi kuumitsa chikopa mpaka kusweka.

Nanga thuza likatuluka kale? Khungu lapamwamba lija ndi denga, musalisende. Tsukani ndi sopo ndi madzi oyera, phimbani ndi pulasitala kapena kansalu koyera, ndipo nsapato ija ipume. Madzi aja thupi limawamwa lokha, ndipo pakatha pafupifupi sabata khungu latsopano limakhala litamera pansi. Likaphulika lokha, tsukani, siyani khungulo ligone pomwepo, phimbani. Musathirepo phulusa, dothi kapena mankhwala otsukira mano. Mukaona mafinya, kufiira kukufalikira, ululu ukukula m'malo mochepa, mwanabere kapena thupi kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira ngati ine. Ndipo inu amene muli ndi matenda a shuga, kapena mukugulira nsapato kholo lodwala shuga, samalani kawiri. Matendawa amatha kuchititsa dzanzi kumapazi, munthu osamva kutentha kochenjeza kuja, ndipo kachilonda kakang'ono kamachedwa kupola. Oterewa aziyang'ana mapazi ndi maso tsiku lililonse, ndipo thuza lililonse akalionetse kuchipatala.

Nyengo za ukwati, Idi ndi Khirisimasi ndi pomwe ndimagulitsa kwambiri, ndipo ambiri mumabwera dzulo lake la mwambo. Ndimakuonani mawa lake mukubwerera, nsapato zili m'manja, mukutsimphina. Masiku ano ndikamakulunga nsapato ndimafunsa kaye kuti, "Muvala liti?" Akati mawa, ndimawauza kuti anyamule zakale m'chikwama, zatsopanozo akavale atafika. Ena amaseka, amati mayi ameneyu walowa unamwino. Ndimangovula patapata wanga n'kuwaonetsa chidendene.

Nsapato yakuda ija ndikadali nayo. Nditachira ndinaiyamba mwatsopano, mphindi 30 pakhomo, ngati mmene ndinadzachitira ndi mwana. Lero ndi yomwe ndimayendera ku Limbe.