Madola Aja Apita Kuti?

Ife a kuno kuchigwa cha Luangwa madola sitingowamvera m'nkhani ayi. Alendo odzaona nyama ku South Luangwa amatera ndi ndege ku Mfuwe, ndipo ena akabwerera kwawo amatumiza thandizo la mjigo kapena la sukulu kumidzi ya kwa Kakumbi ndi kwa Nsefu. Chichotsereni boma malamulo oletsa kusunga ndalama zakunja mu 1994, makomiti athu ena ali ndi akaunti ya madola ku banki. Koma taona msungichuma wosalakwa akutchedwa mbala pamsonkhano, chifukwa chakuti panalibe wodziwa kuwerenga sitetimenti, pepala lija losonyeza zolowa ndi zotuluka.

Tiyeni tiyerekeze ndi komiti ya mjigo imene inayamba mwezi ndi madola 1,200. Bwenzi la ku Ulaya lalemba kuti latumiza madola 2,000, koma pamzere wa zolowa, pansi pa mawu akuti Credit, paoneka 1,975. Kodi 25 wadya ndani? Ndalama zodutsa malire sizidza molunjika. Nthawi zambiri zimadzera ku banki ina yapakati, imene imatapako malipiro ake. Wotumiza akasankha OUR pafomu ndiye kuti wavomera kulipira zonse yekha, koma akasankha SHA kapena BEN, zam'njirazo zimachotsedwa pa ndalama zathu. Choncho tisanalozane zala, timupemphe bwenzilo atitumizire chikalata cha banki yake, tione chimene anasankha.

Pansi pake, kumbali ya zotuluka yolembedwa Debit, tipezapo madola 10 olandirira ndalamazo, ndi ena 5 osungira akaunti pamwezi. Amenewa ndi malipiro a banki yathu, ndipo ayenera kufanana ndi zolembedwa pa mndandanda wa mitengo yake, umene tili ndi ufulu woupempha. Mtengo ukaposa wa pamndandanda, kapena malipiro amodzimodzi akaoneka kawiri tsiku limodzi, pamenepo pali choti tifunse.

Pamene ambiri timapunthwa ndi posintha madola kukhala makwacha. Banki ili ndi mitengo iwiri: wogulira, umene ndi wotsika, ndi wogulitsira, umene ndi wokwera. Ife tikapereka madola, banki ndiyo ikugula, motero wathu ndi wotsikawo. Tinene kuti tsikulo inkagula dola pa K24.80 ndi kugulitsa pa K25.30. Komiti yasintha madola 1,000 kuti ilipire okumba, ndipo yalandira K24,800. Amene anangomva mtengo wokwera uja adzaimirira nkunena kuti K500 yasowa, pamene sinasowe konse. Ndiko kusiyana kwa mitengo iwiriyo, m'mene banki imapezera phindu lake.

Kuti titsimikize, tiike sitetimenti ya makwacha pambali pa ya madola. Madola 1,000 akatuluka kuno, makwacha ake ayenera kuoneka akulowa uko. Tigawe makwachawo ndi madola amene atuluka: 24,800 kugawa ndi 1,000 ipereka 24.80. Umenewu ndiwo mtengo weniweni umene anatisinthira, ndipo tiufananize ndi umene unalembedwa pa risiti. Tiyang'anenso tsiku. Kalata yopempha kusintha ikaperekedwa Lachisanu madzulo, ntchito ingathe kuchitika Lolemba, mtengo utasuntha kale. Mtengo umene Bank of Zambia imalengeza ndi muyeso wothandiza kuona ngati sitinaponderezedwe, koma si umene banki iliyonse imalipira pakauntala.

Chotsiriza ndi mzere wa kumapeto wolembedwa Balance, umene umasonyeza zotsala pambuyo pa chochitika chilichonse. Titenge pensulo, titsike nawo mzere ndi mzere. Tinayamba ndi 1,200. Kuwonjezera 1,975 zikhala 3,175. Kuchotsa 10 zitsala 3,165. Kuchotsa 1,000 zitsala 2,165. Kuchotsa 5 zitsala 2,160. Nambala yomalizayi iyenera kukhala yomweyo yoyambira pa sitetimenti ya mwezi wotsatira. Zikasiyana, mwina pali tsamba limene silinatifike. Ndipo pamene masamu athu ayambira kusiyana ndi a banki, cholakwa chili pamzere womwewo. Palibe chifukwa chovutika ndi pepala lonse.

Tikumbukirenso kuti zotsalazo ndi madola, osati makwacha. Kwacha ikalimba, madola 2,160 omwewo adzagula matumba ochepa a simenti ngakhale palibe wakhudzapo. Nchifukwa chake buku la msungichuma liyenera kukhala ndi tsamba la madola palokha, osawasakaniza ndi makwacha.

Tikapeza cholakwa chenicheni, tilembe kalata ku banki mwamsanga, titchule tsiku, ndalama ndi nambala ya chochitikacho, ndipo tisunge kope. Mabanki ambiri amaika nthawi yodandaulira, ndipo kudikira kuti mvula ithe kaye kungatitayitse mwayi. Ntchitoyi tiigwire anthu awiri kapena atatu mwezi ndi mwezi, tisanaitane msonkhano, kuti wofunsa aliyense tizimuyankha ndi pepala m'manja.