Ndilimbikire pati, aphunzitsi?

Kwa zaka zambiri ndinkachonga mayeso a masamu poyang'ana yankho lomaliza basi. Likakhala lolakwika ndinkathetha ndi cholembera chofiira, n'kulemba malikisi pamwamba, pansi pake mawu amodzi: "Limbikira." Ndinkati imeneyo ndiyo ndemanga. Unali ulesi wanga, ndipo amene ankaulipira anali ana.

Mtsikana wina wa Fomu 2 anapeza 23 pa 100. Ndinamulembera mawu omwewo. Teremu yotsatira anasamukira kumbuyo kwa kalasi, nasiya kukweza dzanja. Ine ndinangoti masamu amukana.

Tsiku lina titaweruka anabwera ndi pepala lija, litapindidwa mpaka kuyamba kung'ambika. "Aphunzitsi, munati ndilimbikire. Ndimawerenga usiku uliwonse pa tochi. Ndilimbikire pati?" Ndinasowa chonena. Ndinakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatsatira njira yake mzere ndi mzere.

Pa 3(x − 2) = 12 analemba 3x − 2 = 12. Anachulukitsa x yekha ndi 3, nambala inayo m'mabulaketi n'kuisiya. Kuchokera pamenepo zonse anachita molondola mpaka x = 14/3. Cholakwa chomwechi chinamudyera mafunso anayi. Pa mafulakishoni analemba 1/2 + 1/3 = 2/5, kuphatikiza zapamwamba pazokha, zapansi pazokha. Mwana amene ndinamuyesa wosadziwa kanthu anali ndi mabala awiri okha, ndipo onse ochizika.

Madzulo amenewo ndinamulembera chimene ndinayenera kulemba kale:

"Mwanawe, kusamutsa manambala mu ikweshoni ukukudziwa, usakukayikire. Konza ziwiri izi. Nambala ya kunja kwa mabulaketi imachulukitsa chilichonse cha mkati, choncho 3(x − 2) ndi 3x − 6, ndipo x = 6. Ukapeza yankho, libwezere m'funso: 14/3 akupereka 8, osati 12, ndiye ukanadzigwira wekha. Pa mafulakishoni, yamba wafananitsa manambala apansi: 3/6 + 2/6 = 5/6. Taona, 2/5 ndi wochepa kuposa theka, ndiye ungawonjezere bwanji pa theka n'kupeza chochepa? Chita mafunso asanu a mabulaketi, ubwere nawo Lachisanu. Mafulakishoni tidzayamba sabata yamawa."

Mabulaketi anawagwira msanga. Koma miyezi imene anakhala kumbuyo kuja tinaphunzira mitu ina yodalira zomwezi, ndipo yonse inamudutsa. Anafika pa mayeso a boma akuthamangitsabe anzake, ali ndi mantha amene ndinamudzala ine.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ena aja amene sanabwere kudzafunsa. Ndimakumbukira mnyamata wina amene ankafuna za umakaniko. Anasiyiratu kulowa m'kalasi ya masamu, ndipo pepala lake lomaliza anangolembapo dzina. Sindidziwa chimene chinkamusokoneza, kaya manambala a mayinasi, kaya kugawa, chifukwa njira yake sindinaiwerengepo ngakhale kamodzi.