Meseji ya ma 23: afuna ine kapena afuna chabe pootha moto?

Tinasiyana mu Febuluwale, patapita zaka ziwiri tili pamodzi. Nkhani yake inali imodzi: nthawi zonse ndikafunsa kuti adzatuma liti anthu kwathu, yankho linali lakuti "tiyembekeze vinthu vikhale bwino." Ndinalema, ndinachoka.

Mu Juni, mphepo ya mu Lusaka itafika pomwe imalowa ndi pansi pa chitseko, foni inalira ma 23. "Uli bwanji mami? Nakuganizira chabe." Mtima unagunda, sindinama. Ndinayankha pomwepo, ndipo tinakamba mpaka 01. Kuseni ndinakwera basi ya ku Matero kupita ku tauni maso ali ofiira, koma ndili kumwetulira ngati wapenga.

Zinapitiriza miyezi iwiri. Sanakambe zachabechabe, ayi. Amandikumbutsa chikanda chomwe tinali kugula pa siteshoni, amandifotokozera za abwana ake ovuta, ine ndikumutonthoza. Mumutu mwanga ndinayamba kale kusankha chitenge cha kitcheni pate.

Asisi anga aakulu ndiwo anandidzutsa. Anati, "Leta foni tione." Sanawerenge mawu okoma aja. Anayang'ana nthawi ndi masiku chabe. Iye anayamba kulemba maulendo 13, ndipo onse anali pakati pa 22 ndi 01. Masana olo kamodzi. Ambiri anali a pakati pa mwezi, m'thumba mukauma. Kumapeto kwa mwezi, akafola, foni inali zii masiku asanu kapena sikisi.

Kenaka anandifunsa: "Pamene unamuuza ati amami badwala, anafunsako futi mailo mwake?" Ndinafunafuna. Analemba "sole maningi", basi n'kubwerera ku nkhani ya abwana ake. Sanafunsenso.

"Uyu abwera kuotha moto," anatero asisi. "Wofuna nyumba amabwera na malasha."

Ndinamuikira kumbuyo. Ndipo ndikali kukhulupirira kuti nthawi payokha siumboni. Pali anthu ogwira nchito ya ulonda, anamwino, oyendetsa mathiraki, omwe usiku ndiwo masana awo. Ena amadikira mabando a usiku ndaba ndi otchipa. Ena ndi manyazi: mawu opepesa amawalemera dzuwa likali kuwala. Ndiye m'malo moweruza, ndinaganiza zomuyesa.

Choyamba, ndinaleka kuyankha usiku. Meseji ikabwera ma 23, ndinali kuyankha 07 ndili mu basi, mwaulemu, mopanda mkwiyo. Munthu wofuna iwe amakondwera kukupeza nthawi iliyonse. Iye anali kuwerenga, timizere tiwiri n'kusanduka tabuluu, koma yankho limabwera usiku, ndipo loyamba linali lakuti, "Manje masiku ano ugona mwamsanga?"

Chachiwiri, ndinamupempha chinthu chofuna kuti anyamuke. Ndinalemba: "Tikumane pa Sande 14 awazi mu tauni, tikambe bwino." Sindinatchule kunyumba kwake kapena kwanga, ndaba ndimadziwa mmene nkhani zimathera kumeneko. Anati, "Tizaona." Pa Sande anazima foni. Pa Chiwiri usiku anatulukira: "Nenze bize, osakalipa."

Chachitatu ndicho chinandiopsa kwambiri. Ndinafunsa funso lomwe tonse tinali kulizungulira miyezi iwiri: "Chamene chinatisiyanitsa, chasintha? Ufuna tibwererane, kapena ufuna chabe wokamba naye?" Pamwamba panaoneka kuti ali kulemba, n'kuleka, n'kuyambanso. Pomaliza: "Iwe naiwe, nifuna chabe tizimvelana. Osafaka presha."

Ndinalira usiku uja, koma sindimutcha munthu woipa. Anali wosungulumwa, ndipo ine ndinali nambala yomwe amadziwa kuti iyankha. Ndi ine yemwe ndinatenga "nakuganizira" n'kumangapo nyumba ya zipinda zitatu. Ndiyeneranso kuvomera kuti nanenso ndinali kuotha moto womwewo: zinali kundikomera kudziwa kuti pali wina wondikumbukira pakati pa usiku.

Vuto ndi lakuti mtengo wake sunali wofanana. Iye akakamba amagona bwino. Ine ndimagona ndi chiyembekezo, n'kudzuka ndi mutu, ndipo mnyamata wina wa kutchalitchi yemwe anandipempha kawiri kuti tikamwe tiyi ndinali kumuyankha ngati wandikongola.

Ndinamulembera masana, ndili pa nchito: "Sininakukalipile. Koma usiku siniyankha futi. Ukafuna kukamba za ise, uziba kwamene banthu bathu bankhala." Sindinamubuloke. Ndinangochotsa kulira kwa mameseji ake.

Analembanso kawiri, konse ma 23. Kachiwiri ndinaiona kuseni, ndili pamzere wa basi, ndi mbasela ya kamtima kofiira. Kondakitala anali kukuwa "Tauni, tauni, mmodzi!" Ndinaika foni m'chikwama, ndinakwera.