Golide wa ku Joni ndi mtengo wa nkhondo

Milu yoyezuka ya dothi la m'migodi imene yazinga Boksburg, Benoni ndi Springs, m'chigawo chomwe lero chikutchedwa Ekurhuleni, ndi mboni ya mmene dziko la South Africa linalipirira Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Pa 6 Seputembala 1939 boma la Jan Smuts linalowa nkhondoyo, ndipo nduna ya zachuma, Jan Hofmeyr, inasenza udindo wopeza ndalama.

Poyamba maso anapenya ku golide. Ndalama ya ku Britain itatsika mphamvu, mtengo wa aunsi imodzi unakwera kufika masheleni 168. Boma linalamula kuti eni migodi azilandira masheleni 150 okha, otsalawo, omwe ndi 18 pa aunsi iliyonse, azilowa m'thumba la dziko. M'chaka chotsatira dongosololi linasinthidwa, m'malo mwake munabwera msonkho wapadera pa phindu la migodi. Zimene misonkho inapereweza, boma linabwereka kwa anthu ndi mabanki a m'dziko momwemo, kotero kuti nkhondo imene inasaukitsa Britain inasiya South Africa atabweza ngongole zambiri zakunja.

Ndalama pazokha siziwomba mfuti. Hendrik van der Bijl, yemwe anaikidwa kuyang'anira zida, anatembenuza mafakitale. Ku Germiston, kampani ya Dorman Long inayamba kulumikiza magalimoto ankhondo a Marmon-Herrington, pogwiritsa ntchito zitsulo za Iscor ndi mafulemu a Ford ochokera ku Canada. Kunyumba nako kunali kudzimana: kuyambira 1941 buledi woyera analetsedwa pofuna kusunga tirigu, ndipo petulo anayamba kugulidwa ndi makuponi.

Koma panali msonkho wina umene sunalembedwe m'buku lililonse. Popeza mtengo wa golide unali wokhazikika, eni migodi anateteza phindu lawo popanikiza malipiro. Wokumba wakuda, kaya wa ku Transkei, ku Mozambiki kapena Mnyasa wobwera ndi Wenela, ankalandira masheleni awiri ndi makobidi pang'ono patsiku, pamene mitengo ya zovala ndi chakudya inkakwera. Sheleni imene ankatumiza kumudzi inkagula zochepa chaka ndi chaka. Lamulo lankhondo nambala 145 la 1942 linaletsa anthu akuda kunyanyala ntchito, choncho analibe podandaulira.

Ngongoleyo inaphulika nkhondo itatha. Pa 12 Ogasiti 1946 okumba oposa 60,000, motsogozedwa ndi J.B. Marks, anakana kutsika pansi, akufuna masheleni khumi patsiku. Apolisi anawombera pa mgodi wa Sub Nigel, anthu anafa, ndipo sabata isanathe kunyanyalako kunathyoledwa popanda kukweza malipiro.

Wofuna kudziwa amene analipira nkhondo asakhutire ndi kaundula wa nduna ya zachuma, chifukwa iye amangolemba zimene boma latolera. Ayerekeze malipiro a wantchito ndi mtengo wa bulangete m'sitolo ya pakomponi m'zaka zomwezo. Kusiyana kwa ziwirizi ndiko kunali chopereka cha agogo athu a ku Dedza, ku Chipata ndi ku Angonia amene anatsika m'migodi imeneyi.