Chifalansa cha pa wailesi chimameza mawu

Ana a sekondale kuno ku Furancungo amawerenga Chifalansa bwinobwino, poti Chipwitikizi chimawathandiza kulota tanthauzo. Koma muwatsegulire wailesi ya RFI, amangoti kakasi. Vuto si liwiro lokha ayi. Afalansa akamacheza amameza mawu: "je ne sais pas" imamveka ngati shepa, "il y a" imangotsala ya, "tu as" imakhala ta. Kwina amalumikiza: "les amis" ndi lezami, monga timanenera "os amigos", ndiye apa khutu lathu lidazolowera kale.

Netiweki ikagwira, koperani Journal en français facile, nkhani za mphindi 10 zimene RFI imaika pamodzi ndi mawu ake olembedwa. Musamvere zonse. Tengani mphindi imodzi, muimvere kawiri osayang'ana zolembazo, mulembe m'kope zomwe mwatolapo, kenako mufananize. Mawu amene mwaphonya koma mukawaona mukuwadziwa, amenewo ndiye ntchito ya khutu: bwerezani kachigawoko mukuyankhulira limodzi ndi muulutsi mpaka pakamwa pazolowere. Amene simukuwadziwa n'komwe ndi a dikishonale, kuwamvera kakhumi sikuthandiza.

Komatu m'pulogalamuyi amayankhula mosamala, "ne" sam'taya, choncho shepa simudzamumva m'menemo. Ikayamba kuphweka, pitani ku Appels sur l'actualité, kumene omvera a ku Kinshasa kapena Abidjan amaimba foni, aliyense ndi kalankhulidwe kake. Kumeneko yambani ndi kugwira funso la woimbayo basi, yankho libwera pambuyo.